Kumusankhira mwana ntchito ndi kusankha naye limodzi

Nkhani ya ntchito imayambika mwana akamalowa Folomu 3, pamene amasankha maphunziro oti adzalembe pa mayeso a MSCE. Tiyerekeze mtsikana amene pa lipoti lake wapeza 2 mu Chingerezi ndi Histole, 5 mu Bayoloje, 6 mu Masamu ndi 8 mu Kemisitire. Mayi ake pa utsikana wawo ankafuna unamwino koma fizi inasowa.

Mayiwa angathe kumusankhira. Anganene kuti, "Iwe udzakhala namwino basi," n'kumulipirira aphunzitsi apadera a sayansi. Tisafulumire kuwadzudzula. Umphawi amaudziwa, ndipo mwana wa zaka 15 amangodziwa ntchito zimene amaziona: uphunzitsi, upolisi, unamwino. Vuto n'lakuti lipoti likunena zina. Pa MSCE, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene makirediti amathera pa 6. Mayunivesite aboma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro azaumoyo ku KUHeS amalira sayansi yolimba. Mtsikanayu angathere zaka ziwiri akulimbana ndi Kemisitire, Histole imene ikanatsitsa mapointi ake ataitaya.

Njira inayo, yosankha naye limodzi, imadya nthawi, ndipo ine ndimaikonda chifukwa imayambira pa zimene mwana wachita kale. Mayi amayala malipoti a Folomu 1 ndi 2, n'kufunsa aphunzitsi ngati 8 uja wabwera chifukwa cha ulesi, kusowa kwa labotale, kapena mutuwo sukulowadi. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana. Kenako amamutumiza mwana pa holide kuti akacheze ndi namwino wa pachipatala chapafupi, akamve za mashifiti ausiku ndi kutsuka mabala, osati za yunifolomu yoyera yokha. Akachezenso ndi wina wogwira ntchito ya kukhoti kapena ya utolankhani, poti ndiko kumene magiredi ake akuloza. Ana ena amabwerako atalimba mtima pa unamwino womwewo, ndipo apo chisankho chimakhala chawochawo.

Musaganize kuti kholo lachiwirili ndi lofewa. Nalonso limaumiriza, koma pa zina. Limakana kuti mwana atayirire Masamu, chifukwa maphunziro ambiri a kukoleji amawafuna. Limanenanso poyera kuti m'thumba muli zingati, kuti mwana asalote koleji yapulayiveti imene banja silingakwanitse. Loyamba lija limaumirira dzina la ntchito.

Kusiyanaku kumaoneka bwino mwana akatchula zimene kholo silinkayembekezera, monga zamagetsi ku Soche Technical College kudzera ku TEVETA. Wosankha naye amafunsa kuti maphunzirowo ndi a zaka zingati, ndipo amene anamaliza akugwira kuti. Womusankhira amayamba ndi kudandaula kuti achibale adzati chiyani, ndipo posakhalitsa mumamva akufotokoza za chaka chimene iwo eni anasiyira sukulu.