Masabata 16 okonzekera mpikisano wa makilomita 21

Ngati mumatha kuthamanga makilomita 5 osaima, masabata 16 akukwanirani. Muzithamanga katatu pa sabata: Lachiwiri ndi Lachinayi mtunda waufupi, Loweruka wautali. Masiku enawo muzipuma, chifukwa minofu imalimba thupi likamapuma.

Mtunda wa Lowerukawo muuyambe pa makilomita 6, nkumawonjezera pang'onopang'ono sabata iliyonse. Sabata yachinayi iliyonse bwererani m'mbuyo pang'ono kuti miyendo itsitsimuke. Pofika sabata ya 13 mukhale mutafika makilomita 18, kenako muzichepetsa mpaka tsiku la mpikisano.

Liwiro lake likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu. Msongolo kapena bondo likamapweteka mpaka kukutsimphinitsani, lekani kuthamanga ndipo kaonaneni ndi dokotala.