Kuzindikira masamba odwala ndi kabolodi kakang'ono ka kompyuta

Kuzindikira masamba odwala ndi kabolodi ndi njira yophunzitsa pulogalamu kusiyanitsa chithunzi cha tsamba labwino ndi cha tsamba lodwala, kenako n'kuiika pa kachipangizo kokwana m'dzanja kokhala ndi kamera. Pulogalamu yotereyi imatchedwa modelo. Ikaikidwa pa kabolodi, imagwira ntchito kumunda popanda intaneti.

Kukula kwa kabolodi

Bolodi lodziwika pa ntchitoyi ndi Arduino Nano 33 BLE Sense, lomwe lili ndi malo osungira pulogalamu okwana megabayiti 1 ndi malo ogwirira ntchito okwana makilobayiti 256. Malowa ndi ochepa kwambiri, choncho kuphunzitsa kwenikweni kumachitikira pa kompyuta yaikulu, ndipo kabolodi kamangolandira modelo yophunzira kale. Chithunzi chimachepetsedwa kufika pa timadontho 96 m'litali ndi 96 m'lifupi. Chikakhala cha mitundu chimatenga mabayiti 27,648, pamene chakuda ndi choyera chimatenga 9,216 okha. Komabe mitundu siyenera kutayidwa, chifukwa chikasu ndi kufiira kwa mawanga ndi zina mwa zizindikiro za matenda.

Kuphunzitsa

Zithunzi zimajambulidwa, chilichonse n'kulembedwa kuti ndi cha tsamba labwino kapena lodwala. Kulembaku kumafuna munthu wodziwa mbewu, poti tsamba la chimanga losowa feteleza nalonso limachita chikasu. Kenako zithunzi zimagawidwa patatu: zophunzitsira, zowunikira pamene maphunziro ali mkati, ndi zoyesera zomwe zimasungidwa padera mpaka kumapeto. Zithunzi za chomera chimodzi ziyenera kukhala m'gulu limodzi. Tsamba lomwelo likapezeka m'zophunzitsira ndi m'zoyesera, modelo imangolikumbukira ndipo zotsatira zimakongola monyenga.

Nthawi zambiri sayambira pachabe. Amatenga modelo yaing'ono ya MobileNet yomwe inaphunzira kale pa zithunzi zochuluka, n'kuphunzitsanso gawo lake lomaliza pa masamba. Akamaliza amaifinya ndi TensorFlow Lite, kuti nambala iliyonse ya mkati mwake ichoke pa mabayiti 4 a `float32` kufika pa bayiti imodzi ya `int8`. Motero modelo ya manambala 250,000 imatsika kuchoka pa mabayiti pafupifupi miliyoni imodzi kufika pa 250,000. Kufinyaku kungasinthe mayankho ena, n'chifukwa chake mayeso omaliza amachitika pa modelo yofinyidwayo.

Kuyeza kulondola

Kulondola kumapezeka pogawa mayankho okhoza ndi chiwerengero cha zithunzi zonse, koma nambala imeneyi payokha imabisa zambiri. Tiyerekeze kuti zithunzi zoyesera za masamba a chimanga zilipo 200, ndipo 160 ndi za masamba abwino pamene 40 ndi za odwala chiwawu. Modelo yakhoza abwino 152 n'kunamizira 8 kuti ndi odwala. Mwa odwala yapeza 28, koma 12 yawaphonya. Mayankho okhoza ndi 180 pa 200, kutanthauza 90 peresenti.

Nambalayi ikuoneka yabwino, koma modelo yongoyankha kuti tsamba lililonse ndi labwino ikanapeza 80 peresenti osazindikira matenda ngakhale kamodzi. Choncho pamafunika mafunso ena awiri. Loyamba ndi lakuti, mwa masamba odwaladi yapeza angati? Yankho ndi 28 pa 40, kapena 70 peresenti, kusonyeza kuti masamba atatu pa khumi alionse odwala akudutsa ngati abwino. Lachiwiri ndi lakuti, ikanena kuti tsamba ndi lodwala imalondola kangati? Yanena zimenezi maulendo 36 ndipo yakhoza 28, pafupifupi 78 peresenti. Zolakwa ziwirizi zimapweteka mosiyana: kuphonya kumapatsa matenda mpata wofala, pamene kunamizira kumawonongetsa ndalama za mankhwala.

Kusiyana kwa zithunzi za m'chipinda ndi za kumunda

M'chaka cha 2016, Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anaphunzitsa mamodelo akuluakulu pa zithunzi 54,306 za PlantVillage, za mbewu 14 ndi matenda 26. Pa zithunzi zosungidwa padera za gulu lomwelo anapeza 99.35 peresenti, koma pa zithunzi zochokera kwina anapeza pafupifupi 31 peresenti yokha. Zithunzi za PlantVillage ndi za tsamba limodzi lothyoledwa, loikidwa pamalo osalala, pamene kumunda kuli dothi, mithunzi, dzuwa ndi masamba opiringizana.

Kabolodi kamakumana ndi vuto lomweli mokulirapo chifukwa kamera yake ndi yofooka poyerekeza ndi ya foni. Chizindikiro chake n'chakuti yankho limasintha tsamba lomwelo likachotsedwa padzuwa n'kuikidwa pamthunzi, kapena kumbuyo kwake kukaikidwa pepala. Zikatero, modelo yaphunzira kuwala ndi malo m'malo mwa mawanga. Mayeso odalirika amagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa ndi kamera ya kabolodi komweko, m'munda womwe sunapereke chithunzi chilichonse chophunzitsira.