Kalata yopempha nthawi yobwezera ngongole ku holoselo

Mwini golosale amene watenga katundu pa ngongole ku holoselo, akaona kuti ndalama sizikwana, ayenera kulemba kalata tsiku lolipira lisanafike. Makalata ambiri otere amaonongeka ndi madandaulo. Tsamba lonse limadzaza ndi nkhani za matenda, maliro ndi mawu akuti "mundichitire chifundo," koma osatchula ndalama kapena tsiku. Mwini holoselo akawerenga sadziwa choti ayembekezere, ndipo amayamba kukayika.

Kalata yomweyo ikalembedwanso bwino imamveka motere:

"Bwana, ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole yanu ya K600,000 ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira zomwe ndidatenga pa 3 Januwale. Malonda atsika chifukwa ondigula ambiri ndi alimi, ndipo ndalama zawo zapita ku feteleza. Lero ndatumiza K200,000. Ndikupempha kuti K400,000 yotsalayo ndilipire kawiri, pa 28 Febuluwale ndi pa 31 Malichi. Kufikira nditamaliza, katundu wina ndizilipiriratu."

Apa wolembayo sakudzichepsa ngati wopemphetsa. Wavomera ngongole, wapereka chifukwa chimodzi choona, ndipo K200,000 ija ikumuchitira umboni kuposa mawu alionse okoma.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa masikuwo. Asankhidwe poona ndalama zimene golosaleyo imapezadi pa sabata, chifukwa lonjezo lachiwiri likalephereka, holoselo zambiri zimaleka kukongoza munthuyo. Mwini holoselo akavomera, asayine pa kalatayo, ndipo aliyense asunge yake pamodzi ndi malisiti.