Chidziwitso Chokweza Mtengo wa Buledi

Chidziwitso chokweza mtengo chimayamba ndi tsiku limene mtengo watsopano uyambe kugwira ntchito. Mwachitsanzo, wophika buledi amene wawonjezera K100 pa lofu ya K2,000 amalemba mitengo yonse iwiri, kuti ogula aone okha kuti kukwerako ndi K5 pa K100 iliyonse.

Kenako amatchula chifukwa chenicheni: ufa wa tirigu wakwera mtengo, popeza tirigu wambiri amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola.

Pomaliza amafotokoza zimene sizisintha, monga kulemera kwa lofu, nthawi yotsegulira ndi mtengo wa masikono. Akachepetsa lofu mwakachetechete, ogula amazindikira msanga poona kuti magawo achepa, ndipo amasamukira kwina.