Musangoisiya akaunti yogona, kaitsekeni

Alimi a kuno ku Milange, akaunti imene simukuigwiritsa ntchito siitsekeka yokha. Pomwe mukudikira nandolo, banki ingathe kumadulabe ndalama za khadi mpaka zokatsalira kutha.

Pitani nokha kubanki ndi kalata yopempha kuti itsekedwe. Lembanimo dzina monga liliri pa BI, nambala ya BI, NUIT ndi nambala ya akauntiyo. Tengani khadi ndi BI yosatha nthawi, chifukwa yotha angakubwezeni nayo.

Samalani kwambiri NIB ya akaunti yolandira ndalamazo. Ili ndi manambala 21. Koperani papepala lochokera kubanki, osati pamtima, poti kulakwitsa imodzi ndalama sizifika. Mwachitsanzo, mukatsaza mametikali 3000 n'kutumiza kubanki ina, adzachotsapo mtengo wotumizira, ndiye funsiranitu. PIN musailembe m'kalatamo. Musachoke opanda chikalata chodindidwa chotsimikiza kuti akauntiyo yatsekedwa.