Kukonzekera liwiro la makilomita 21: onjezerani mtunda motani, ndipo muyambe liti kudya muli pa liwiro?

Mpikisano wa hafu malathoni, monga wa Be More Race womwe umachitikira ku Lilongwe, ndi wa makilomita 21.1. Anthu ambiri othamanga mtundawu koyamba amayamba bwino, koma akafika cha pa makilomita 15 kapena 16 miyendo imalemera, mutu umazungulira, basi n'kuyamba kuyenda. Kawirikawiri chimachititsa ndi chimodzi mwa ziwiri izi: thupi silinazolowere kukhala pa msewu maola awiri, kapena shuga wosungidwa m'thupi watha ndipo simunamubwezeretse. Zonsezi zimakonzedwa pa tsiku limodzi la sabata, tsiku lomwe mumathamanga mtunda wautali.

Tiyerekeze kuti mumakhala ku Sharpevale m'boma la Ntcheu, mumathamanga kale katatu pa sabata, mumatha makilomita 8 osaima, ndipo kwatsala masabata 12 kuti mpikisano uchitike.

Mtunda muziwonjezera motani?

Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga, koma mafupa, mitsempha ya kuchidendene ndi mawondo zimatenga nthawi. N'chifukwa chake munthu amatha kumva kuti mpweya ulipo wokwanira makilomita 15 pamene miyendo yake sinakonzeke. Akadumpha kuchoka pa 8 kufika pa 15, sabata yotsatira amakhala akutsimphina.

Njira yabwino ndi yowonjezera kilomita imodzi kapena awiri okha pa mtunda wautali womwe munathamangapo, ndipo sabata yachinayi iliyonse n'kubwerera m'mbuyo kuti thupi lipume. Ndondomeko yake ikhoza kukhala yotere:

Sabata 1 mpaka 4: makilomita 8, 9, 10, kenako 7.
Sabata 5 mpaka 8: makilomita 11, 13, 14, kenako 10.
Sabata 9 mpaka 12: makilomita 16, 18, 12, kenako mpikisano.

Mtunda wautali kwambiri ndi wa makilomita 18, ndipo ukubwera kutatsala masabata awiri. Simukufunika kukwanitsa makilomita 21 musanafike tsikulo. Atatu otsalawo mudzawakwanitsa chifukwa miyendo idzakhala itapuma. Kuthamanga makilomita 20 kutatsala sabata imodzi kumangokutopetsani, popeza thupi silikhala ndi nthawi yoti lipindule nawo.

Kupatula tsiku la mtunda wautali, muzithamanganso kawiri kapena katatu mkati mwa sabata, makilomita 5 mpaka 8 ulendo uliwonse. Mtunda wautali usapitirire theka la makilomita onse a sabatayo. Munthu amene amakhala osathamanga sabata yonse n'kudzadzuka Loweruka ndi makilomita 16 ndi amene amavulala msanga.

Liwiro lake likhale lotani?

Likhale loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu mawu angapo osabanika. Ngati mukungotha kuyankha kuti "eya" kapena "ayi", mwathamangitsa. Cholinga cha tsikuli n'kuzoloweza thupi kugwira ntchito nthawi yaitali ndiponso kugwiritsa ntchito mafuta a m'thupi, kuti shuga wosungidwa asathe msanga.

Sharpevale ali kunsi, m'chigwa cha Bwanje, ndipo kumatentha kuposa kumtunda kwa Ntcheu boma kapena ku Tsangano, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Kukatentha mtima umagunda kwambiri pa liwiro lomwelo, ndipo shuga amathanso msanga. Choncho nyamukani kukangoyamba kucha, ndipo musadandaule ngati kilomita ikukutengerani nthawi yotalikirapo. Misewu ya fumbi ndi yofewa ku mawondo kuposa tala. Ngati mukudutsa mu msewu wa M5 wopita ku Salima, thamangani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zomwe zikubwera.

N'chifukwa chiyani mphamvu zimatha?

Nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa chomwe mwadya chimasanduka shuga, ndipo wina thupi limamusunga m'minofu ndi m'chiwindi. Shuga wosungidwayu amatchedwa gilayikojeni. Nkhokwe yake ndi yaing'ono, pafupifupi theka la kilogalamu mwa munthu wamkulu, ndipo pothamanga mwamphamvu imayamba kuchepa kwambiri pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Mafuta a m'thupi ndi ambiri, koma amapereka mphamvu pang'onopang'ono. Shuga akachepa, liwiro limatsika ngakhale mutalimba mtima bwanji.

Apa m'pamene pali mfundo yofunika: thupi limawerenga nthawi, osati makilomita. Choncho funso loti muyambe liti kudya muli pa liwiro limayankhidwa ndi wotchi.

Muyambe sabata iti?

Ngati mukuthamanga kosapitirira ola limodzi, madzi okha ndi okwanira, bola munadya bwino dzulo lake. Mukayamba kupitirira mphindi 75, yambani kutenga chakudya. Malangizo a akatswiri a zakudya za anthu amasewera amati pa masewera otenga ola limodzi mpaka maola awiri ndi theka, munthu azilandira magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola.

Tinene kuti kilomita imodzi imakutengerani mphindi 7. Makilomita 10 a sabata yachitatu ndi mphindi 70, choncho madzi akukwanira. Makilomita 11 a sabata yachisanu ndi mphindi 77, ndipo apa m'pamene muyambire. Mnzanu amene amatha kilomita m'mphindi 5 amafika mphindi 75 pa makilomita 15, ndiye iye akhoza kudikira mpaka sabata ya 9. Wothamanga pang'onopang'ono amayamba kudya msanga chifukwa amakhalitsa pa msewu. Pa liwiro la mphindi 7, mpikisano wonse udzakutengerani pafupifupi maola awiri ndi theka.

Mwina mukuganiza kuti makilomita 11 mukhoza kuwamaliza osadya kanthu. N'zoona. Koma m'mimba namonso mumafunika kuzolowera. Pothamanga magazi ambiri amapita ku miyendo, ndipo chakudya chimagayika movutikira. Mukayamba sabata yachisanu, mumakhala ndi maulendo asanu ndi awiri oyeserera musanafike tsiku la mpikisano.

Nanga muli pa liwiro, muyambe pa mphindi zingati?

Yambani pakati pa mphindi 30 ndi 45, musanamve njala kapena kufooka. Chomwe mwadya chimatenga kanthawi kuti chilowe m'magazi, ndipo mukadikira kuti miyendo ilemere ndiye kuti mwachedwa. Kuchokera apo muzitenga pang'ono mphindi 20 mpaka 30 zilizonse, m'malo modya zambiri kamodzi.

Simukufunika zinthu zodula. Nthochi yakupsa yapakatikati imakhala ndi magalamu pafupifupi 25. Sipuni ya tiyi ya shuga ndi magalamu 4, ndipo sipuni yaikulu ya uchi ndi magalamu pafupifupi 17. Mukhoza kupanga chakumwa chanu posungunula masipuni a tiyi 7 a shuga ndi kamchere kotsina ndi zala m'botolo la theka la lita la madzi aukhondo. Botolo limeneli limakupatsani magalamu pafupifupi 30. Musaonjezere shuga kuposa apa, chifukwa madzi otsekemera kwambiri amakhalitsa m'mimba ndipo amachititsa nseru. Timapaketi ta jelo tomwe timagulitsidwa m'mashopu ena a m'tauni timakhala ndi magalamu 20 mpaka 25, mofanana ndi nthochi imodzi, ndipo timafunika kumwera madzi.

Thanzi ORS ndi wobwezeretsa madzi ndi mchere kwa munthu wotsekula m'mimba. Shuga wake ndi wochepa, magalamu 13.5 pa lita yonse, choncho musamudalire ngati chokupatsani mphamvu. Mtedza, mandasi ndi tchipisi zili ndi mafuta ambiri ndipo zimachedwa kugayika. Zisungeni mudzadye mukamaliza.

Chitsanzo: tsiku la makilomita 18

Pa liwiro la mphindi 7, ulendowu ndi wa maola awiri ndi mphindi 6. Usiku wake idyani nsima kapena mpunga monga mwa masiku onse, koma chepetsani nyemba ndi ndiwo zamafuta. M'mawa, ngati nthawi ilipo, imwani phala kapena tiyi ndi buledi kutatsala maola awiri. Ngati mukunyamuka mbandakucha, nthochi imodzi ndi kapu ya madzi zikukwanira.

Pezani njira yozungulira ya makilomita 6 yodutsa pakhomo panu, muizungulire katatu. Ulendo woyamba imwani madzi okha. Mukafika pakhomo pa mphindi 42, idyani nthochi ndipo tengani botolo la madzi a shuga lija, muzimwa pang'onopang'ono ulendo wonse wachiwiri. Pa mphindi 84 idyani nthochi ina ndi kutenga botolo la madzi wamba. Mukamamaliza mudzakhala mutalandira magalamu pafupifupi 80, omwe ndi pafupifupi 40 pa ola. Ngati njira yozungulira palibe, pemphani wina akutsatireni pa njinga atanyamula mabotolo.

M'masabata oyamba musayambe ndi zonsezi. Sabata yachisanu yesani theka la nthochi pa mphindi 40, muone mmene m'mimba muchitire, kenako muziwonjezera sabata ndi sabata. Chomwe chakuyanjani pa makilomita 16 ndi 18 ndi chomwe mudzagwiritse ntchito pa mpikisano. Tsikulo musadzalawe chachilendo, ngakhale chitagawidwa chaulere m'njira.

Mungadziwe bwanji kuti china chalakwika?

Kufooka kobwera mwadzidzidzi, kunjenjemera, thukuta lozizira ndi njala yadzaoneni zimasonyeza kuti shuga watsika. Yambani kuyenda, idyani kapena imwani chotsekemera, ndipo ulendo wotsatira muyambe kudya msanga. Ngati m'mimba mukupotokola kapena madzi akukhuvuka, mwina mwadya zambiri nthawi imodzi kapena chakumwa chatsekemera kwambiri. Chepetsani muyezo.

Kuti mudziwe ngati mukumwa madzi okwanira, dziyezeni pa sikelo musananyamuke ndiponso mukangobwera. Kilogalamu imodzi yomwe yatsika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Munthu wa makilogalamu 60 asatsike kuposa kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Mukapezeka kuti mwalemera kuposa mmene munanyamukira, mukumwa mopitirira muyezo, ndipo izi n'zoopsa chifukwa zimachepetsa mchere m'magazi.

Kusokonezeka mutu, kudzandira, kusanza kapena kupweteka pachifuwa si nkhani ya nthochi. Imani, khalani pamthunzi, dzithireni madzi ndipo muthamangire kuchipatala. Ululu wa malo amodzi pa fupa, womwe ukukula mukamathamanga kapena kukuchititsani kutsimphina, ukutanthauza kuti mupume ndi kukaonana ndi achipatala. Mukadwala malungo musathamange mpaka mutamaliza mankhwala ndi kupezanso mphamvu. Ngati muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena othamanga magazi, kambiranani ndi dokotala musanayambe ndondomekoyi.

Mukaphonya sabata imodzi, musadumphe kuti mufanane ndi kalendala. Bwerezani mtunda womwe munamaliza bwino, kenako pitirizani kuchokera pomwepo. Kufika pa mpikisano mutalekezera pa makilomita 16 miyendo ili bwino n'kwabwino kuposa kufika mutakwanitsa 18 koma bondo litatupa.