Mboni 60 zimene zinamva nkhani kwa munthu mmodzi

Tiyerekeze kuti wophunzira wa zachuma akufuna kudziwa ngati kukwera kwa mtengo wa dizilo kumakweza mtengo wa chimanga pamsika wa Lunzu. Watolera mitengo ya mwezi uliwonse kwa zaka zisanu, ndiye kuti ali ndi miyezi 60. Waika manambalawo mu kompyuta, ndipo kompyuta yamukokera mzere wowongoka wosonyeza kuti dizilo akakwera ndi K100 pa lita, chimanga chimakwera ndi ndalama zakutizakuti pa kilo. Ntchito yokoka mzere wotereyi akatswiri amaitcha rigireshoni. Pambali pa yankho pali nambala ina yotchedwa t, imene imanena mphamvu ya umboni. Mwambo wa ntchitoyi ndi woti t ikapitirira 2 munthu akhoza kukhulupirira kuti mgwirizano ulipodi. Iye wapeza 3, ndipo wayamba kale kulemba mutu womaliza wa kafukufuku wake.

Vuto ndi lakuti 3 ameneyu akhoza kukhala wonama, ngakhale kompyuta sinalakwitse masamu pena paliponse.

Palibe mzere umene umadutsa pa mwezi uliwonse ndendende. Mwezi wina mtengo weniweni wa chimanga umakhala pamwamba pa zimene mzere walosera, mwezi wina pansi. Kusiyana kumeneku tikutche chotsalira. Ngati mzere unati K500 koma pamsika chinagulidwa K504, chotsalira ndi +4. Ngati chinagulidwa K497, chotsalira ndi −3. M'zotsalirazi mumabisala zonse zimene zimasuntha mtengo wa chimanga koma wofufuza sanaziike m'masamu ake.

Kompyuta ikamawerengera t, imangotenga ngati zoona kuti chotsalira cha mwezi uno sichikudziwa kanthu za cha mwezi watha, kuti Malichi akakhala pamwamba pa mzere, Epulo akhoza kugwera mbali iliyonse. Aliyense amene amagula chimanga m'dziko muno akudziwa kuti zinthu siziyenda choncho. Chachikulu chimene wophunzira uja wasiya kunja ndi zokolola, ndipo zokolola zimabwera kamodzi pachaka. Mvula ikadula ngati mmene inachitira mu 2024, kuchepa kwa chimanga sikutha mwezi umodzi. Kumakankhira mtengo m'mwamba mu Juni, mu Julayi, mu Ogasiti, mpaka chimanga chatsopano chitakhwima chaka chinacho. Zotsalira za miyezi yonseyo zimakhala mbali imodzi, china chikukoka chinzake. Kumeneku ndiko kutsatirana kwa zotsalira, kumene m'mabuku a masitatisitiki kumatchedwa otokorileshoni.

Zili ngati mfumu ikuzenga mlandu ndipo pabwalo pabwera mboni 60, koma ambiri mwa iwo nkhaniyo anangoimva kwa woyandikana naye nyumba. Pakuwerenga mitu ndi 60, koma amene anaona ndi maso awo ndi ochepa kwambiri. Kompyuta imawerenga mitu.

Kuchepako kungathe kuyezedwa. Mphamvu ya kutsatirana imalembedwa ndi nambala ya pakati pa −1 ndi 1: ziro kutanthauza kuti palibe kutsatirana, 1 kutanthauza kuti mwezi uno ukungobwereza mwezi watha. Tinene kuti pa zotsalira za chimanga nambalayi ndi 0.8. Dizilo nayenso amatsatirana, chifukwa kuno mtengo wake umaikidwa ndi bungwe la MERA ndipo umatha miyezi ingapo usanasinthe. Tinene kuti nayenso ndi 0.8. Tikachulukitsa ziwirizi tipeza 0.64. Tsopano 1 kuphatikiza 0.64, kugawa ndi 1 kuchotsera 0.64, zikutipatsa pafupifupi 4.6. Miyezi 60 ija tikaigawa ndi 4.6, ikutsala 13 basi. Ndipo t uja ayenera kugawidwa ndi nambala yoposa 2 pang'ono, kotero 3 akugwa kufika pa 1.4. Umboni umene umaoneka wokwanira watsika pansi pa malire.

Apa anthu ambiri amasokoneza. Kutsatirana kwa zotsalira pakokha sikupendeketsa mzere kumbali imodzi nthawi zonse. Chimene kumaononga ndi kutsimikiza kwathu: mzere ukhoza kukhala kutali ndi zoona kuposa mmene kompyuta ikunenera.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti vutoli lilipo? Njira yoyamba, imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonse, siifuna mayeso apamwamba. Ndandalikani zotsalira motsata miyezi, muziyang'ane. Nachi chitsanzo chongopeka cha miyezi 12, manambala ake ang'onoang'ono kuti masamu asatipweteke mutu:

+2, +4, +5, +4, +3, +1, −1, −3, −4, −5, −4, −2

Miyezi isanu ndi umodzi pamwamba, isanu ndi umodzi pansi. Chizindikiro chasintha kamodzi kokha. Tsopano onani manambala omwewo atasakanizidwa:

+4, −3, −1, +5, +2, −4, +3, +4, −2, −5, +1, −4

Apa chizindikiro chasintha kasanu ndi kawiri, ndipo simungalosere mwezi wotsatira poyang'ana wapitawo. Mindandanda iwiriyi ili ndi manambala amodzimodzi, kotero kompyuta ikamayeza kukula kwa zotsalira imaona ngati n'zofanana. Chosiyana ndi dongosolo lokha.

Mu 1950 ndi 1951, James Durbin ndi Geoffrey Watson anasindikiza njira yosandutsira zimene diso likuonazi kukhala nambala imodzi, yotchedwa d. Kaiwerengedwe kake munthu angakachite ndi pensulo. Tengani kusiyana kwa mwezi uliwonse ndi wapambuyo pake, muchulukitse kusiyanako ndi iko komwe, muphatikize zonse. Pa mndandanda woyamba, kuchoka pa +2 kufika pa +4 ndi 2, zimene zikupereka 4. Kuchoka pa +4 kufika pa +5 ndi 1, zikupereka 1. Mukapitiriza mpaka kumapeto mupeza 26. Kenako chulukitsani chotsalira chilichonse ndi icho chomwe: 4, 16, 25 ndi zina zotero, zonse pamodzi 142. Gawani 26 ndi 142, d ndi 0.18. Pa mndandanda wosakaniza uja, 142 sasintha, koma pamwamba pakubwera 290, ndipo d ndi 2.04.

Nzeru yake ndi yosavuta. Zotsalira zikamatsatirana, masitepe a mwezi ndi mwezi amakhala aafupi, d n'kutsikira ku ziro. Zikakhala zosatsatirana, d amakhala pafupi ndi 2. Akakwera kulowera ku 4 ndiye kuti zotsalira zikusinthana mbali mwezi uliwonse mopitirira muyeso, zomwe sizichitika kawirikawiri pa mitengo. Amene ali ndi Excel, zotsalira 60 zikakhala mu B2 mpaka B61, akhoza kulemba:

```
=SUMXMY2(B3:B61,B2:B60)/SUMSQ(B2:B61)
```

Durbin ndi Watson anapereka malire awiri, osati amodzi. Pa miyezi 60 ndi chinthu chimodzi chofotokozera, ngati dizilo wathu uja, malirewo ndi 1.55 ndi 1.62. d akatsika pansi pa 1.55, kutsatirana kulipo. Akapitirira 1.62, umboni wake palibe. Akagwera pakati, mayesowa sanena kanthu. Zotsalira zotsatirana ndi mphamvu ya 0.8 zimapereka d wa pafupifupi 0.4, choncho wophunzira wathu sangakayike n'komwe.

Koma d ali ndi khungu lake, ndipo pa manambala a mwezi ndi mwezi khunguli ndi lalikulu. Amangoyerekeza mwezi uno ndi mwezi watha. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu Epulo mpaka Juni, n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka. Choncho chotsalira cha Febuluwale uno chikhoza kufanana kwambiri ndi cha Febuluwale wa chaka chatha, mtunda wa miyezi 12. d sayang'ana kutali chotero. Amasokeretsanso wofufuza akaika mtengo wa chimanga wa mwezi watha m'gulu la zinthu zofotokozera mtengo wa mwezi uno: pamenepo d amakokeredwa kufupi ndi 2 ngakhale vuto likadalipo.

N'chifukwa chake pamafunika kuyeza kutsatirana pa mitunda yonse: mwezi umodzi, iwiri, itatu, mpaka 12 kapena 24. Pa chithunzi chimene chimatuluka, mtunda uliwonse umakhala ndi kamtengo kake koimirira, ndipo kamtengo kakapyola malire ndiye kuti pamenepo pali nkhani. Pa miyezi 60 malirewo ndi pafupifupi 0.26 mbali zonse ziwiri. Timitengo toyamba titatalika n'kumafupika pang'onopang'ono, ndiye kuti pali chinthu chokhalitsa, monga zokolola. Kamtengo ka pa 12 kakatumphuka, ndiye nyengo za chaka. Kamodzi kapena tiwiri mwa 24 tikhoza kupyola malire mwangozi, choncho kamtengo kongodumpha pa mtunda wa miyezi 7 kasakusowetseni tulo. Palinso mayeso a Trevor Breusch ndi Leslie Godfrey, a mu 1978, amene amayeza mitunda yambiri nthawi imodzi ndipo sasokonezeka ndi mtengo wa mwezi watha uja. Mu pulogalamu ya R zonsezi ndi mizere itatu:

```
m <- lm(chimanga ~ dizilo, data = deta)
acf(resid(m), lag.max = 24)
lmtest::bgtest(m, order = 12)
```

Mizere ya m'tebulo iyenera kukhala m'dongosolo la miyezi musanayese chilichonse. Ikasanjidwa motsata mtengo kapena motsata zilembo za mayina a miyezi, d amatuluka bwinobwino koma satanthauza kanthu. Ndipo ngati miyezi ina inasowa, wina n'kuidzaza poyerekeza ndi yoyandikana nayo, ndiye kuti waonjezera kutsatirana ndi manja ake.

Vuto likapezeka, ambiri amathamangira njira ya Whitney Newey ndi Kenneth West, ya mu 1987, imene imasiya mzere mmene ulili n'kukonza t kuti asadzitukumule. Ndi njira yabwino, koma pa miyezi 60 siikonza zonse, ndipo siifunsa chimene chachititsa kuti zotsalira zitsatirane. Kwa wophunzira wathu, choyamba n'kuika m'masamu zimene anazisiya: kuchuluka kwa zokolola za chaka chilichonse ndi mwezi wa pachaka. Akatero ayezenso zotsalira.

Mwina zidzatsatiranabe, chifukwa pali chinthu china chimene chikukweza dizilo ndi chimanga limodzi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zambiri inakwera. Zinthu ziwiri zilizonse zimene zikungokwera ndi nthawi zimaoneka ngati zogwirizana. Mu 1926 George Udny Yule anasonyeza kuti ku England ndi Wales, pakati pa 1866 ndi 1911, gawo la maukwati omangidwa mu mpingo wa Angilikani linkatsika pamodzi ndi chiwerengero cha imfa, mgwirizano wake n'kufika 0.95, ngakhale palibe chinachititsa chinzake. Mu 1974 Clive Granger ndi Paul Newbold anaonetsa kuti mizere yabodza yotere imadziulula ndi zizindikiro ziwiri: imaoneka ngati ikufotokoza pafupifupi zonse, koma d wake ndi wamng'ono kwambiri. Wophunzira akaona zimenezi, asiye kuyerekeza mitengo yeniyeniyo. Ayerekeze kusintha kwake: dizilo wasintha ndi zingati kuchoka mwezi watha, chimanga chasintha ndi zingati. Atsala ndi miyezi 59, ndipo pa yambiri mwa iyo kusintha kwa dizilo kudzakhala ziro, kotero yankho lake lonse lidzatsamira pa miyezi yochepa ija imene mtengo wa mafuta unasinthadi.